Funso Lachiŵiri

Mwezi wa Okutobala chaka cha 2017 ndidatsika minibasi pa Lirangwe nditanyamula chikwama chodzaza ndi mapepala, mtima uli m'mwamba. Padali patatsala milungu iŵiri kuti ndikaime m'khoti loyeserera ku Zomba, kumene ndinkaphunzira zamalamulo pa sukulu imene nthaŵi imeneyo inkatchedwa Chansala Koleji. Khoti loyeserera ndi mayeso apakamwa. Wophunzira amapatsidwa mlandu wopeka ndi mbali imene aiimire, ndipo pa tsiku lake amalankhula pamaso pa aphunzitsi amene akhala ngati oweruza, amenenso ali ndi ufulu womdula mawu ndi funso pa nthaŵi iliyonse. Ife tidauzidwa kuti aliyense adzakhala ndi mphindi 15, ndi kuti oyesa adzakhala atatu. Achinyamata amene mudafunsidwapo za kalasi pamaso pa akulu a mpingo mukudziŵa m'mene lilime limaumira munthu akakuyang'ana m'maso namadikira yankho. Kusiyana kwake nkwakuti kuno yankho lililonse limabala funso lina.

Mlandu umene ndidapatsidwa udali wotere. Bambo wina, mkamwini, adamwalira wosasiya wilo. Adasiya mkazi, ana atatu a zaka 19, 12 ndi 4, ndiponso mai ake okalamba amene iye ankawagulira chakudya ndi mankhwala. Chuma chake chidali nyumba ya malata yomangidwa kumudzi kwa mkazi, katundu wa m'nyumba, K900,000 ku banki, ndi chigayo chimene chidagulidwa pa mtengo wa K1,200,000. Maliro atatha, mchimwene wa malemuyo adakhoma loko pa chigayo, nanena kuti chigayo ncha mbumba, ndiponso kuti iye adaponyapo K400,000 pochigula. Padalibe kalata yosonyeza zimenezo. Padali mboni imodzi yokha. Mwa maere, ine ndidagwera mbali ya mchimweneyo pamodzi ndi mai okalambawo.

Nditaŵerenga pepalalo ndidakhala chete nthaŵi yaitali, pakuti nkhaniyo sidali yachilendo kwa ine. Bambo anga adatisiya m'chaka cha 2004, ine ndili ndi zaka 10, ndipo ndimakumbukira bwino ngolo imene idabwera sabata itatha maliro, nkunyamula makina osokera, njinga, wailesi ndi malata amene bambo adasunga kuseri kwa nyumba. Tsono lero ndiyenera kuimira munthu wokhoma loko pa chigayo cha mai wamasiye! Ndidapita kwathu kwa Chigaru ndi maganizo akuti kumeneko kuli bata, ndikaloŵeza mawu anga mpaka akhale ngati madzi akumwa, kuti pa tsikulo ndikangolankhula wosaganiza kanthu.

Ndidalemba masamba asanu ndi limodzi m'Chingerezi chosalala, ndipo masiku atatu ndinkayendayenda pansi pa mtengo wa mango ndikuwatchula mokweza. Madzulo a tsiku lachitatu atsibweni anga, amene ndi nduna pa bwalo la a nyakwaŵa ndipo akhala akumva milandu zaka zoposa makumi atatu, adabwera ndi kampando kawo nakhala pamthunzi. Iwo Chingerezi sachidziŵa. Adandiuza kuti ndiwafotokozere mlanduwo m'Chicheŵa, ndipo ine ndidayamba mwamatama, kuchokera pa chiyambi cha malamulo a chuma cha masiye m'dziko muno.

Ndisanafike patali adakweza dzanja. "Mphwanga, zimenezo nzakale. Tandiuza, chigayocho ncha yani?"

Ndidati ndifika pamenepo posachedwa. Iwo adaseka pang'ono. "Pabwalo munthu akati afika posachedwa, timadziŵa kuti kumene akupitako kuli minga. Chigayo ncha yani?"

Ndidayankha kuti mwa lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, munthu akamwalira wopanda wilo, oloŵa chuma ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iye, monga makolo amene ankawasamala. Mchimwene saloŵamo ngati mkazi ndi ana alipo.

"Chabwino. Nanga maiyo akakwatiwanso chaka cha maŵa?"

Ichi ndinkachidziŵa: kukwatiwanso sikumlanda mai chimene adalandira.

"Nanga nyumba ija? Mwamuna watsopanoyo adzagona m'nyumba ya malemu, ana ali panja?"

Apa ndidaima. Ndidadziŵa kuti gawo 17 la lamulolo likunenapo kanthu za chuma chimene chili pa malo a makolo, koma sindidachilembe m'masamba anga chifukwa m'pepala la mlandu mudalibe za ukwati wachiŵiri. Ndidayamba kutembenuza mapepala, thukuta lili kamukamu. Atsibweni adangoti, "Ukuona? Funso loyamba aliyense amayankha, pakuti amabwera nalo yankho kuchokera kunyumba. Munthu timamdziŵira pa funso lachiŵiri."

Usiku umenewo sindidagone msanga. Ndidazindikira kuti masiku atatu onse ndinkakonzekera kulankhula, pamene mayeso ake ndi a kuyankha. Ndidazindikiranso chinthu china chimene chidandilimbitsa mtima, chakuti atsibweni sadatole funso lawo m'malere. Iwo adangotenga mfundo imodzi ya mlandu, yakuti maiyo ndi wamasiye, naisintha, kuti aone ngati ndidziŵa pamene lamulo limalekezera. Ngati mafunso otsatira amabadwa motero, ndiye kuti munthu angathe kuwapeza iye mwini oyesa asanawafunse.

M'maŵa mwake ndidatenga pepala latsopano ndi kulemba kumanzere mfundo zonse za mlanduwo, iliyonse pa mzere wake: palibe wilo, mkazi ndi mmodzi, ana ndi atatu, a zaka zakutizakuti, mai a malemu ankadalira iye, nyumba ili kumudzi kwa mkazi, mchimwene akuti adaponyapo ndalama, palibe kalata. Kumanja kwa mzere uliwonse ndidalemba mfundoyo itatembenuzidwa, ndipo pansi pake yankho la lamulo m'ziganizo ziŵiri zokha. Lamulo limene ndidadziikira nlakuti ndisinthe mfundo imodzi pa nthaŵi imodzi, zina zonse zikhale monga zilili, pakuti ukasintha ziŵiri pamodzi sudziŵa imene yasuntha yankho.

Ntchitoyi idanditsegula maso. Nditatembenuza mzere wa ana, ndidadzifunsa kuti, nanga patapezeka mwana wachinai wobadwira kunja kwa banja? Yankho lidali lakuti lamulo la 2011 limaŵerengera mwana aliyense wa malemu posayang'ana m'mene adabadwira, ndipo Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 23, amanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo. Nditatembenuza zaka za ana, ndidakumbukira kuti anawo salandira mofanana nthaŵi zonse: wamng'ono amayenera gawo lokulirapo, chifukwa wa zaka 4 ali ndi ulendo wautali wa sukulu kuposa wa zaka 19 amene bambo ake adamphunzitsa kale. Nditatembenuza mzere wa wilo, ndidaona kuti mawu amene munthu wanena pakamwa ali pa mphasa si wilo, pakuti wilo iyenera kulembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziŵiri zimenenso zisainepo. Komabe zofuna zimene malemu adanena pamaso pa mboni zodalirika zimaganiziridwa pogaŵa chuma pakati pa mkazi ndi ana. Ndipo pa funso limene lidandigwetsa lija ndidapeza kuti mai akakwatiwanso, chuma chimene adalandira chokhala pa malo a makolo chimapita kwa ana.

Madzulo ndidabwerera kwa atsibweni ndi yankho limeneli, ndikuyesa kuti ndathana nawo. Adamvetsera, nagwedeza mutu, kenaka nkufunsa kuti, "Nanga dothi limene pali nyumbayo nla yani? Si paja wati bamboyo adali mkamwini?" Limeneli lidali funso lachitatu, ndipo lidali lakuya kuposa onse. Kwathu kuno mkamwini amamanga pa malo a kuchikazi, kotero dothilo silidali la malemu ndipo silingaloŵe m'chuma chogaŵidwa. Chimene chingakhale chake ndi nyumba imene adamanga, mwinanso gawo lake lokha ngati adamanga pamodzi ndi mkazi wake. Koma funso lomweli lidandipatsa fungulo la mlandu wanga. Ngati chogaŵidwa ndi chokhacho chimene chidali cha malemu pa tsiku la imfa yake, ndiye kuti mchimwene uja sayenera kuima monga woloŵa chuma, kumene alibe mwendo woimira, koma monga mwini wa gawo la chigayo. K400,000 mwa K1,200,000 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Gawo limenelo, ngati umboni utakwanira, silidali la malemu nkomwe.

Pamenepo ndidang'amba masamba asanu ndi limodzi aja, ndi kulemba pa kakhadi kamodzi mfundo zitatu zokha. Yoyamba: mai okalambawo ndi odalira malemu ndiponso kholo, kotero ayenera kutetezedwa ku umphaŵi ndi kulandira gawo pa zotsala. Yachiŵiri: gawo limodzi mwa atatu a chigayo ndi la mchimwene, ndipo liyenera kupatulidwa chuma chisanagaŵidwe. Yachitatu: chimene tikupempha khoti kuti lilamule. Ndidayesa ndi wotchi ya pa foni kuti mfundo zitatuzi zindithere mphindi 8, podziŵa kuti mafunso adzadya zotsalazo. Anzanga ambiri amene ndidawaona akugwa m'mayeso otere adabwera ndi mawu odzaza mphindi zonse 15, kotero funso lililonse ankaliona ngati mbala yowabera nthaŵi, ndipo ankayankha mothamanga kuti abwerere ku pepala lawo.

Masiku otsalawo tidawagwiritsa ntchito motere. Dzuŵa likapendeka ndinkaima chilili, atsibweni atakhala, mai anga ali chapafupi akusankha nyemba, ndipo mng'ono wanga atagwira wotchi. Ndinkalankhula m'Chicheŵa, iwo nkumandidula paliponse pamene afuna. Usiku ndinkabwereza mafunso omwewo ndi mayankho ake m'Chingerezi, mokweza, chifukwa yankho limene lili m'mutu ndi limene latuluka pakamwa ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Ndidaona kuti mfundo imene ndidalephera kuifotokoza m'Chicheŵa kwa munthu wosapita ku sukulu, ndiye kuti sindidaimvetse. Ndinkangobisala kumbuyo kwa mawu aakulu a Chingerezi.

Pa masiku ameneŵa ndidaphunzira mamangidwe a yankho. Chiganizo choyamba chikhale yankho lenilenilo, inde kapena iyayi, kapena dzina la munthu amene afunsidwa. Chachiŵiri chitchule lamulo limene yankholo laimapo. Chachitatu chilumikize lamulolo ndi mfundo za mlandu. Zikatero munthu aleke, ayang'ane wofunsayo, ndipo ngati palibe funso lina abwerere pa mfundo imene adalekezera. Kulekako ndiko kovuta. Munthu wamantha amaopa bata, kotero amapitiriza kulankhula atamaliza kale kuyankha, ndipo mawu oonjezerawo ndiwo amatsegula zitseko zimene oyesa sakadaziganizira. Atsibweni ankati pabwalo anthu ambiri amagwa ndi mchira wa mawu awo, osati mutu wake.

Mng'ono wanga ndiye adanditulukira zizindikiro zosonyeza kuti ndasokonezeka. Adati ndikayamba yankho ndi mawu akuti "monga ndanena kale", ndiye kuti funsolo sindidalimve. Ndikayamba kufotokoza mbiri ya lamulo, ndiye kuti yankho sindilidziŵa. Ndipo ndikayamba kuthamanga, dzanja langa lamanja limapinda ngodya ya pepala. Kuyambira pamenepo ndidaika manja onse aŵiri pa tebulo, ndipo ndidadzizoloŵeza kupuma kamodzi, mpweya wonse, funso likatha ndisanatsegule pakamwa. Kupuma kumeneko kumatenga masekondi aŵiri kapena atatu. Kwa woyankha amaoneka ngati chaka, koma kwa womvera amaoneka ngati ulemu, pakuti asonyeza kuti funso lake laganiziridwa.

Padali funso limodzi limene ndinkalizemba. Tsiku lachisanu ndi chinai mai anga, amene masiku onseŵa sadalankhulepo, adaika lichero pansi nati, "Mwananga, nanga loko uja? Ukawauza chiyani za loko?" Ndidati ndikuyembekeza kuti sakafunsa. Atsibweni adandiyang'ana nthaŵi yaitali. Iwo ndiwo adali nkhoswe ya mai pa tsiku la ngolo lija. Adati, "Pamene iwe ukuopa mpomwe iwo akaponde. Bala ukalibisa limanunkha." Tsono tidakhala pa funso limenelo madzulo onse, mpaka ndidapeza mawu oti ndikanene: kuti kukhoma loko kudali kulakwa, kuti lamulo la 2011 limaletsa kulanda chuma cha masiye ndipo wolakwa angathe kulamulidwa kubweza ndi kupita kundende, koma kuti kulakwa kwa njira imene munthu watsata sikufafaniza ndalama zimene adaponyapo, ngati adaponyadi. Kuvomera chimene nchoonekeratu sikutaya mlandu. Woyankha amene akana zonse, ngakhale zimene aliyense akuziona, amataya chikhulupiriro cha oweruza, ndipo akafika pa mfundo yake yamphamvu palibenso womumvera.

Tsiku la mayeso lidafika. Oyesa adali abambo aŵiri ndi mai mmodzi amene adakhala pakati. Ndidangomaliza kudzitchula ndi kunena mfundo zanga zitatu pamene bambo wa kumanzere adandidula, nafunsa ngati mai okalambawo akadalandira kanthu akadakhala ndi penshoni yawoyawo. Funsoli lidali pa pepala langa la kumudzi, mzere wachinai. Ndidapuma, ndi kuyankha kuti sakadakhala odalira malemu m'tanthauzo la lamulo ngati ankatha kudzisamala okha, koma akadaŵerengeredwabe monga kholo pogaŵa zotsala. Bamboyo adalemba kanthu, ndipo ine ndidabwerera pa mfundo yanga. Mtima udayamba kukhala pansi.

Wa kumanja adafunsa za umboni: popanda kalata, khoti lingakhulupirire bwanji za K400,000? Ndidavomera kuti udindo wotsimikiza uli pa ife amene tikunena, ndi kuti pa milandu imene si yaupandu chofunika nchakuti nkhani yathu ioneke yoona kuposa ya anzathu. Ndidati mboni imodzi ingakwanire ngati khoti laikhulupirira, ndipo ndidavomeranso kuti umboni wathu ndi wopyapyala. Pamenepo adafunsa za loko, monga mai anga adanenera, ndipo ndidapereka mawu amene tidawasula pansi pa mango. Adandifunsanso nambala ya gawo limene limaletsa kulanda chuma. Pa mphindi imeneyo nambala idandithaŵa. Chiyeso chidali chachikulu chakuti nditchule nambala iliyonse molimba mtima, koma ndidati, "Olemekezeka, nambala ya gawolo yandichoka ndipo sindifuna kusocheretsa khoti, chimene gawolo limanena ndi ichi," ndi kufotokoza. Adanditchulira okha kuti ndi gawo 84, ndipo tidapitirira. Nambala yabodza ikadandigwetsa kwambiri kuposa kuiŵala.

Kenaka mai wapakati uja, amene adali asanalankhule, adavula magalasi nati, modekha kwambiri, "Mwavutikiranji ndi gawo limodzi mwa atatu a chigayo? Ukwatiwu ndi wa chikamwini. Kodi si paja abale oloŵa chuma mwa mwambo amatenga magawo atatu mwa asanu a chuma chonse? Bwanji simukuwapemphera zimenezo anthu anu?"

Limeneli lidali dzenje lokutidwa ndi udzu wauŵisi. Funsolo linkandipatsa zambiri kuposa zimene ndidapempha, ndipo wophunzira wotopa angathe kulilandira ndi manja aŵiri. Koma magawo amenewo ndi a lamulo lakale la 1967, limene linkati pa ukwati wa chikamwini mkazi, ana ndi odalira malemu alandire magawo aŵiri mwa asanu, atatu otsalawo apite kwa oloŵa mwa mwambo. Pa ukwati wa chilobola ankagaŵana pakati ndi pakati. Ndidayankha kuti iyayi, lamulo limenelo lidachotsedwa ndi la 2011, limene pa gawo 4 limanena kuti palibe amene angaloŵe chuma cha malemu mwa mwambo chabe, ndipo kuti ngakhale likadathandiza anthu anga, sindingathe kuimika mlandu pa lamulo lakufa.

Adagwedeza mutu. "Nanga bamboyu akadamwalira lamulo latsopanoli lisanabwere, tinene kuti m'chaka cha 2004? Mkazi ndi ana akadalandira zingati pa K900,000 ija?"

Maiyo sankadziŵa kanthu za ine, adangotola chaka. Koma ine ndidamva kulira kwa mateyala a ngolo. Ndidaona mai anga ataima pakhomo, chitenje chili kukamwa, ndi mng'ono wanga akukoka chishalo cha njinga. Kukhosi kudatseka, maso adayamba kutentha, ndipo ndidamva chala changa chikufunafuna ngodya ya pepala. Chimene chidandipulumutsa si kulimba mtima, pakuti ndidalibe. Chidali chizoloŵezi. Manja adabwerera okha pa tebulo. Ndidapuma mpweya umodzi uja, kenaka wachiŵiri. Ndidabwereza funsolo mokweza, monga wofuna kutsimikiza kuti ndamva bwino, ndipo pobwerezapo lidasanduka samu: magawo aŵiri mwa asanu a 900,000. Ndidayankha kuti K360,000, pamodzi ndi odalira malemu, ndipo K540,000 ikadapita kwa oloŵa mwa mwambo, chifukwa chuma chimagaŵidwa mwa lamulo limene lidalipo pa nthaŵi ya imfa, ndipo lamulo silibwerera m'mbuyo pokhapokha litanena lokha. Mawu anga adanjenjemera pa chiganizo choyamba. Pa chachitatu adali atakhazikika.

"Kodi chimenecho chidali chilungamo?" adafunsanso.

Ili ndi funso la mtundu wina, limene silifuna nambala ya gawo koma maganizo a munthu, ndipo ngozi yake njakuti mtima ungathe kulanda chiwongolero. Ndidati ndikuona kuti sichidali chilungamo kwa ana, ndi kuti Malamulo Aakulu pa gawo 24 amafuna kuti amai atetezedwe ku mchitidwe wowalanda chuma, kuphatikizapo cha masiye. Koma ndidaonjeza kuti mwambowo udali ndi chifukwa chake pa nthaŵi imene mwana ankaleredwa ndi atsibweni ake, ndipo chuma cha mwamuna chinkabwerera kukasamala mbumba yake. Udasanduka nkhanza pamene abale adayamba kutenga chuma nkusiya udindo. Mawu ameneŵa sindidawapeze m'buku. Ndidawamva kwa atsibweni pansi pa mango. Nthaŵi idatha ndisanafike bwino pa mfundo yachitatu, kotero ndidapempha theka la mphindi, ndi kunena chimene tikupempha khoti m'chiganizo chimodzi.

Mlanduwo tidaluza. Oyesa adagamula kuti umboni wa K400,000 sudakwanire, chigayo chibwerere m'chuma chogaŵidwa, koma mai okalambawo alandire gawo lawo. Mumtima ndidakondwera ndi chigamulocho kuposa m'mene woimira mbali yogonja ayenera kukondwera. Koma mayeso ndidakhoza bwino, pakuti m'khoti loyeserera sayesa amene wapambana mlandu. Amayesa ngati munthu adziŵa malire a lamulo, ngati ayankha chimene wafunsidwa, ndiponso ngati anena zoona pamene bodza likadamkomera. Nditaŵerenga pambuyo pake, pa mafunso 11 amene ndidafunsidwa, 8 adali pa pepala lija la mizere iŵiri. Atatu enawo sindikadawalota, koma njira yoyankhira idali yomweyo.

Kwa inu achinyamata amene mukuyembekeza mayeso otere, ndinganene ichi: pezani funso limene mukupemphera kuti lisafunsidwe, ndipo muyambire pomwepo, mokweza, pamaso pa munthu amene sakuopani. Ndipo inu makolo, musadziyese osathandiza chifukwa mabuku a mwana wanu ali m'Chingerezi. Muuzeni akufotokozereni mlanduwo m'chinenero chanu, ndipo akayankha, musinthe kanthu kamodzi nkufunsa kuti, "Nanga zikadakhala chonchi?" Funso limenelo mumalidziŵa bwino kuposa iye, pakuti mwakhala mukulimva pa maliro, pa chinkhoswe ndi pabwalo moyo wanu wonse.

Pa tchuthi chotsatira ndidafika kwathu ndi kuwafotokozera atsibweni zonse, funso ndi funso, monga mlenje afotokozera za uzimba. Adamvetsera osandidula, chinthu chimene chidandidabwitsa. Nditamaliza adakhala chete, akuyang'ana kumene kudali malata a bambo kuseri kwa nyumba, kenaka adati, "Wayankha bwino, mphwanga. Tsono ine ndili ndi mbuzi zisanu ndi ziŵiri, njinga, ndi ana a alongo anga amene akuziŵerengera kale. Wilo ija wati imafuna mboni zingati?"

"Ziŵiri, atsibweni."

"Nanga mboniyo ikakhala mwana wanga amene ndamlembera mbuzi?"

Ndidaika manja pa maondo, ndi kupuma kamodzi.